Momwe sola imasinthira kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi

Kuno ku Tete kumatentha zedi, n'chifukwa chake ambiri amaganiza kuti sola imagwira ntchito ndi kutentha, koma zoona zake n'zakuti imadalira kuwala. Kutentha kukanyanya, mphamvu yake imatsika pang'ono.

Kagawo kalikonse ka panelo kamapangidwa ndi silikoni, chinthu chochokera mumchenga, ndipo mkati mwake muli tinthu tosaoneka ndi maso totchedwa maelekitironi. Magetsi ndiko kuyenda kwa tinthu timeneti. Opanga amasanjikiza mitundu iwiri ya silikoni: wina amauthira fosifolasi kuti ukhale ndi maelekitironi ochuluka, winawo amauthira boroni kuti ukhale ndi malo opanda kanthu. Pamene mitunduyi yakumana pamakhala mphamvu yokankhira mbali imodzi yokha.

Kuwala kukalowa, kumamasula maelekitironi pamalo pawo, ndipo mphamvu ija imawakankhira mbali imodzi, monga mmene madzi a ku Cahora Bassa amatsikira kumunsi osabwerera. Timizere tachitsulo tooneka pamwamba pa panelo timawasonkhanitsa n'kuwatumiza mu waya, amayatsa babu, kenaka amabwerera kunsi kwa kagawoko.

Kagawo kamodzi kamatulutsa pafupifupi theka la voti, womwe ndi muyezo wa mphamvu ya magetsi, choncho amalumikiza tigawo 36 kuti titulutse pafupifupi mavoti 18, okwanira kutchaja batire la mavoti 12.