Kalata kwa makolo a ophunzira a Fomu 2 pa za kalembedwe ka masamu

Zomba
14 Febuluwale 2025

Okondedwa makolo ndi onse olera ana,

Ndikupereka moni kwa inu nonse. Ndalemba kalatayi chifukwa chibwezereni mapepala a mayeso a sabata yatha, makolo angapo abwera kudzandifunsa chifukwa chimene mwana wawo wapezera malikesi ochepa pamene mayankho ake ambiri anali olondola. Funsoli ndi lomveka, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndiliyankhe kwa nonse, kuphatikizapo amene simunathe kufika kusukulu.

Lamulo la m'kalasi mwanga ndi lakuti wophunzira alembe njira yonse imene wadutsamo, mzere ndi mzere, kufikira pa yankho. Ndikamachonga, malikesi ambiri ndimapereka pa njirayo, ndipo yankho lomaliza limalandira gawo lochepa chabe.

Ndiloleni ndipereke chitsanzo cha funso limene linali pa mayesowo. Mayi wina wagula thumba la mbatatesi pa K20,000 ndipo waligulitsa mumsika wa Zomba pa K25,000. Phindu lake ndi maperesenti angati? Yankho ndi 25, chifukwa phindu la K5,000 timaligawa ndi mtengo wogulira. Ana ambiri analemba 20. Mtsikana wina analemba njira yake yonse, ndipo nditayang'ana ndinaona kuti kuchotsera anachita bwino, kuchulukitsa ndi 100 anachitanso bwino, koma anagawa ndi K25,000, mtengo wogulitsira, m'malo mwa K20,000. Ndinazunguliza mzere umodzi wokhawo ndi cholembera chofiira, ndinamupatsa malikesi a zimene anakhoza, ndipo titakambirana mphindi ziwiri zokha anazindikira pamene anaphonya. Mnyamata wokhala naye pafupi analemba 20 yekha basi. Pa pepala lake ndinalibe pogwira, pakuti sindikanadziwa ngati anasokoneza mitengo, ngati anangoganizira, kapena ngati anasuzumira kwa mnzake. Ana awiriwa analakwa mofanana, koma mmodzi yekha ndiye ndinatha kumuthandiza tsiku lomwelo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi yankho lolondola lopezeka m'njira yolakwika. Mwana amene akuganiza kuti 2² amatanthauza kuchulukitsa nambala ya m'munsi ndi kanambala kapamwambako apeza 4, ndipo 4 ndi yolondoladi. Ndikamuchongera osaona njira yake, ndiye kuti ndamulimbitsa mtima pa cholakwa, ndipo mawa akakumana ndi 3² adzalemba 6 m'malo mwa 9 ali wotsimikiza ndithu. Cholakwa chotere chikakhala miyezi ingapo chimazika mizu, moti pofika Fomu 3, pamene masamu amatalika ndipo funso limodzi limatha kudzaza theka la tsamba, chimavuta kuchizula.

Palinso nkhani ya mayeso a boma. Ana athu alemba mayeso a JCE chaka chino, ndipo kutsogoloku a MSCE, onse okonzedwa ndi bungwe la MANEB limene likulu lake lili mumzinda wathu uno. Wochonga kumeneko mwana wanu sakumudziwa, sanamuonepo akuyankha bwino m'kalasi, ndipo sangamuitane kuti afotokoze zimene anali kuganiza. Amaona zokhazo zimene zili pa pepala. Mwana amene waonetsa njira yake, ngakhale ataphonya pa mzere wotsiriza, amakhala ndi kena kotola, pamene wolemba yankho lokha akaphonya amataya zonse.

Ena mwa inu mwanena kuti mwana wanu ndi wamutu, amawerengera mumtima. Ndikuvomereza kuti ana otere alipo ndipo ndimanyadira kuwaphunzitsa, koma ndi omwewo amene amataya malikesi chifukwa chothamanga, ndipo popanda cholembedwa sangabwerere m'mbuyo kukafufuza pamene aterereka. Ena mwadandaula kuti makope akutha msanga pamene mitengo yakwera. Dandaulo limeneli ndalimva, choncho ndauza ophunzira kuti azilemba mbali zonse za tsamba, ndipo ndachepetsa mafunso a ntchito ya kunyumba kuchoka pa khumi kufika pa asanu, kuti asanuwo azilembedwa mokwanira.

Pempho langa kwa inu ndi ili. Mwana akamaliza ntchito ya kunyumba, tsegulani kope lake ndipo muone ngati pansi pa funso lililonse pali mizere ya njira. Simukufunika kudziwa masamu a Fomu 2 kuti muchite zimenezi. Lozani mzere umodzi ndi kumufunsa kuti wachoka bwanji apa kufika apa, ndipo akalephera kufotokoza, mumuuze adzandifunse m'mawa mwake. Chonde musamulole kuwerengera pa kapepala kapadera n'kukopera yankho lokha m'kope, komanso asamang'ambe tsamba kapena kufufuta pamene walakwitsa. Angodula mzere umodzi pa cholakwacho kuti chizioneka, chifukwa ndi pamenepo pamene ine ndimayambira kumuphunzitsa.

Amene mukufuna kuona pepala la mwana wanu pamodzi ndi ine, ndidzakhala m'kalasi ya Fomu 2 Lachisanu pa 21 Febuluwale kuyambira 2 koloko masana. Mudzabwere ndi mwanayo pamodzi ndi kope lake la masamu.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wa masamu, Fomu 2