Amayi, mudine apa ndi apa mawa m'mawa

Amayi mwaswera bwanji, ndalowa shifiti ya usiku ndipo ndiweluka 9 koloko mawa, ndiye nkhani yokaonana ndi dokotala ija ya bipi muyambe nokha chonde, musadikire ine chifukwa malo amatha msanga kuno, anthu amalimbirana ngati chimanga cha ku ADMARC. Chipatala chathuchi chimatsegula malo 8 koloko m'mawa, ndiye ikamati 7:55 mukhale mwakhala kale pampando, magalasi kumaso, foni ili ndi moto. Mwana akalira musiyeni kaye ndi bambo ake, mphindi 5 zokha izi.

Pa foni panu fufuzani apu ya zachipatala ija, kachizindikiro kabuluu kolembedwa NHS ndi zilembo zoyera, ndinakaika pafupi ndi watsapu kuti musavutike. Mukakadina kakufunsani chala, ikani chala chachikulu chakumanja chija tinalembetsa. Chikakana kawiri, mwina m'manja muli madzi kapena mafuta, pukutani kaye. Chikakanabe lembani imelo ndi pasiwedi, zili pa kapepala kamene ndinakuikirani m'Baibulo mwanu ku Masalimo. Kenako ibwera meseji ya manambala 6, muwalembe m'kabokosimo n'kudina batani lobiriwira lolembedwa Continue. Manambala amenewo musauze munthu aliyense amayi, ngakhale wina ataimba foni kunena kuti ndi wa kuchipatala, ndi akuba amenewo, ngati aja amaimba kumudzi kunamizira kuti atumiza ndalama molakwitsa.

 Mukalowa mufufuze mzere umene uli ndi mawu oti GP appointments, GP ndiye dokotala wathu wa pafupiyu. Pali mzere wina wa prescriptions, umenewo ndi woitanitsira mankhwala, ausiyeni, mapilitsi anu alipo okwana mpaka kumapeto kwa mwezi ndinawerenga dzulo.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mudekhe. Ikufunsani mtundu wa kuonana kumene mukufuna, ndipo pamakhala ziwiri zosokoneza, Telephone ndi Face to face. Telephone ndiye kuti dokotala angokuimbirani foni, simupitako, ndipo bipi sangakuyezeni pa foni, komanso mukudziwa momwe amalankhulira mothamanga anthu a kuno ku Leicester, mumangoti yesi yesi musanamve. Musankhe Face to face, ndiye kuti maso ndi maso. Ikafunsa dzina la dokotala musasankhe, aliyense ali bwino, mukasankha mmodzi mudikira mpaka sabata ziwiri.

Kenako abwera masiku ndi nthawi. Tengani Lachinayi, palembedwa Thursday, ndi tsiku limene ndili pa ofu ndiye tipitira limodzi, nthawi ina iliyonse kuyambira 11 koloko. Thursday ndi Tuesday amafanana poyang'ana mothamanga, onetsetsani kuti pali Th koyambirira. Ngati Lachinayi ladzaza tengani Friday masana, ndipempha mnzanga tisinthane shifiti.

Pali kabokosi kofunsa chifukwa chake, musalembe zambiri, mungokopera izi:

```
Blood pressure check, headaches for 1 week
```

Zikutanthauza kuti kuyezetsa bipi, mutu ukupweteka kwa sabata imodzi. Mukatero tsitsani ndi chala mpaka pansi, pali batani lobiriwira loyamba ndi mawu oti Confirm, mulidine kamodzi kokha n'kudikira. Ulendo watha uja munalekera pompa mumvekere ndamaliza, pomwe simunadine, tinakafika kuchipatala dzina lanu kulibe, tinabwerera pa basi mvula ili pamsana, mpaka pano zimandiwawa mumtima. Ndiye musatseke mpaka muone tsiku ndi nthawi zalembedwa kuti zatheka, mujambule sikiriniyo munditumizire pa watsapu ndiona pa buleki. Pomwe palembedwa Cancel musakhudzepo, n'kufufuta zonse.

Ikakuuzani kuti malo palibe musadandaule kuti mwalakwitsa, zimachitika, ndikaweluka ndiimbira ku resepushoni. Nambala yanu ya NHS ya manambala 10 ili pa kalata yomwe ndamata pa filiji, musaichotse ndiifuna.

Koma amayi ndikupempheni, ndimakudziwani mumapirira mopitirira muyeso. Mutu ukakula usiku uno, kapena maso akayamba kuchita chidima, musadikire za apu, dzutsani apongozi anu aimbe 111, ndi yaulere ndipo amayankha usiku onse, mutha kupemphanso womasulira. Koma mukamva kupweteka pachifuwa, dzanja kapena mwendo kufooka, pakamwa kupotoka, pamenepo ndi 999 nthawi yomweyo, manyazi ayi, kenako mundiimbire ine foni ndaisiya yoyatsa m'thumba. Piritsi la usiku mumwe mukadya, ndiwo zili m'poto wamng'ono.