Kukazinga khofi pa makina: mawu okonzedwanso a vidiyo ya antchito atsopano

Kwa ojambula: mawu akale aja chiganizo chimodzi chimasenza ntchito zitatu, moti munthu asanamvetse yoyamba, chithunzi chapita kale. Pano chiganizo chilichonse chili ndi ntchito imodzi. Wowerenga azikhala chete mpaka dzanja limalize zomwe wanenazo. Mbiri ya kampani ndaichotsa yonse, akaiwerenga ku ofesi. Tijambula Loweruka ku fakitale ku Luwinga, ndipo ya Chitumbuka tidzatsatira zithunzi zomwezi.

CHITHUNZI 1: Pakhomo pa chipinda chokazingira.
MAWU: Takulandirani. Sambani m'manja ndi sopo. Valani chipewa, tsitsi lonse lilowe. Valani magolovesi.

CHITHUNZI 2: Thumba la khofi wochokera ku Misuku, lili pa thabwa.
MAWU: Thumba lisagone pa simenti. Mzuzu muno khofi sachedwa kukoka chinyezi. Tapani pang'ono, muike m'choyezera chinyezi. Chikaonetsa pakati pa 10 ndi 12 peresenti, ali bwino. Chikapitirira 12, itanani a kapitawo. Yezani makilogalamu 15 pa sikelo. Osaonjezera.

CHITHUNZI 3: Dzanja pa mabatani. Kamera iyandikire, zilembo zioneke.
MAWU: Dinani DRUM, diramu iyambe kuzungulira. Dinani FAN. Tsopano tsegulani gasi, muyatse moto. Moto umabwera pomaliza nthawi zonse. Dikirani geji ifike madigiri 200. Thirani khofi.

CHITHUNZI 4: Kagalasi koonera m'diramu.
MAWU: Musachoke. Khofi asintha mtundu, kuchoka kobiriwira, kukhala wachikasu, kenako wofiirira. Tcherani khutu. Mumva akuthetheka ngati chimanga m'chiwaya. Chepetsani moto. Tapani ndi kasupuni, mufananize ndi khofi wa m'mbale yachitsanzo. Akafanana, zimitsani gasi. Yatsani fani ya thireyi yoziziritsira. Tsegulani chitseko cha diramu, khofi atsike.

CHITHUNZI 5: Magetsi azima, khofi ali m'diramu. (Apa tisathamange. Mawu akale analibe gawoli, chonsecho ndi pomwe moto umabukira.)
MAWU: Magetsi akazima, diramu imaima koma imakhala ikadali yotentha. Khofi wogona pachitsulo amatha kuyaka. Tsekani gasi, musanachite china chilichonse. Musadikire jenereta. Tengani chopukusira chili pakhoma. Pukusani diramu ndi manja. Mnzanu atsegule chitseko. Khofi yense atuluke, mumuyale ndi chipalo. Mukaona lawi m'kati, chitsekocho musatsegule, mpweya umakolezera moto. Fuulani, a kapitawo amve. Tulukirani khomo la chikwangwani chobiriwira.

CHITHUNZI 6: Poweruka.
MAWU: Mukazimitsa gasi, diramu ndi fani zizizungulirabe. Dikirani geji itsike pansi pa madigiri 50. Dinani STOP. Tsegulani chitini cha mankhusu. Gwirani kunja kwake kaye, mumve ngati chazizira. Khuthulani mankhusu mu ndowa yachitsulo, osati m'thumba. Lembani m'buku makilogalamu amene mwakazinga, musaine.