Kwa achimwene ojambula: za chinkhoswe cha Loweruka

Achimwene, mwaswera bwanji? Chinkhoswe chija ndi Loweruka likudzali kwa Bembeke. Mufike 8 koloko m'mawa, kusanachite fumbi, mujambule amayi akuphika ndi mwana wathu akuvala.

Mwambo uyamba 1 koloko. Musaphonye polowa akuchimuna, pomuvundukula mkaziyo atafunda chitenje, ndi pamene ankhoswe akusinthana tambala ndi msoti. Apa ndiye pagona nkhani, muyandikire ndithu, manja aoneke. Agogo muwajambule dzuwa lisanapendeke, kuno kumazizira msanga ndipo sakhalitsa panja. Pa perekaniperekani vidiyo yokha ikwana.

Mtengo ndi K180,000 monga tinapangana. Theka nditumiza Lachinayi pa Airtel Money, lotsalalo mukadzapereka ntchito. Zithunzi 150 ndi vidiyo zikhale pa fulashi pofika pa 30 Juni. Chakudya mudya konkuno.