Zolemba zobwereza za kalasi ya unesi: magawo a koteksi ya ubongo, ntchito zake, ndi pamene ambiri amatayira mamakisi

Ophunzira nonse a chaka choyamba,

Ndamaliza kuchonga mapepala a mayeso oyeserera, ndipo funso la ubongo ndi limene lagwetsa ambiri. Mayina a magawo munawaloweza ndithu, koma mutafunsidwa za wodwala, mayinawo sanakuthandizeni. Werengani zolembazi muli ndi pensulo ndi pepala, ndipo muzijambula pamene mukuwerenga. Pamayeso mudzalemba mayina monga momwe alili m'buku lanu la Chingerezi. Apa ndikufuna kuti nkhani yake imveke kaye.

Yambani ndi ngalande ziwiri

Koteksi ndi khungu lotuwa lakunja kwa ubongo, lochindikala mamilimita 2 mpaka 4 basi. Ndi lopindikapindika ngati munda wolimidwa: pali mizere yotukuka, yotchedwa jairasi, ndi ngalande pakati pake, zotchedwa salikasi. Jambulani ubongo woyang'ana kumanzere, kenako ikani ngalande ziwiri. Yoyamba ndi ngalande yapakati, sentulo salikasi, yotsika kuchokera pamwamba. Yachiwiri ndi ngalande yam'mbali, latero salikasi, yogona chopingasa. Kutsogolo kwa ngalande yapakati kuli gawo, kapena kuti lobu, ya fulonto, kumbuyo kwake kuli ya parayeto. Pansi pa ngalande yam'mbali pali ya tempolo. Kunkhongo kwenikweni kuli ya okisipito. Mukakanula ngalande yam'mbali mupeza insula, yobisika mkati, imene imalandira kakomedwe ka chakudya ndi uthenga wa ziwalo zam'kati. Funso likati magawo anayi, insula isiyeni. Likati asanu, ndi iyoyo.

Lobu ya fulonto: kuyendetsa thupi, kutulutsa mawu, kudziletsa

Mzere umene uli kutsogolo kwa ngalande yapakati, pirisentulo jairasi, ndiwo umalamula minofu kuti iyende mwa kufuna kwathu. Pamapu a Brodmann a mu 1909, amene amagawa koteksi m'madera okhala ndi manambala, ndi dera nambala 4. Mitsempha yochokera pamenepa imadutsana mu medula, kumunsi kwa tsinde la ubongo, choncho ubongo wakumanzere umayendetsa thupi lakumanja.

Thupi lili chadodolido pamzerewu. Nkhope ndi lilime zili kumunsi, pafupi ndi ngalande yam'mbali. Dzanja lili pamwamba pake. Mwendo ndi phazi zapindikira mkati, pamene mbali ziwiri za ubongo zayang'anizana. Wilder Penfield, dokotala wa maopaleshoni a ubongo ku Montreal, ndiye anaonetsa zimenezi m'ma 1930 pogunda koteksi ya odwala ali maso ndi magetsi ochepa. Dzanja ndi milomo zili ndi malo aakulu kuposa msana wonse, chifukwa malo amatsata luso la chiwalo, osati kukula kwake. Izi si zongoloweza. Mtsempha wamagazi wapakati, mido serebulo, umadyetsa mbali yakunja, ndiye ukatsekeka nkhope ndi dzanja zimafooka kuposa mwendo. Wakutsogolo, anteriya serebulo, umadyetsa mkati, ndiye mwendo ndi umene umafooka kwambiri. Odwala sitiroko amene mudzawaona m'mawodi a ku UTH kapena ku Levy Mwanawasa ambiri adzakhala a mtundu woyambawo.

M'munsi mwa lobu yomweyi, kawirikawiri kumanzere, muli dera la Broca, manambala 44 ndi 45. Mu 1861 Paul Broca, ku Paris, anafotokoza za wodwala amene ankamva zouzidwa koma ankangobwereza liwu limodzi, "tan". Wodwala wotere amalankhula movutikira, mawu awiri atatu odukaduka, ndipo amadziwa kuti akulephera. Nchifukwa chake ena amalira. Musamalankhule za iye pamaso pake ngati palibepo, akumva.

Kutsogolo kwenikweni, kuseri kwa chipumi, kuli pirifulonto: kukonza mapulani, kusankha, kudziletsa, khalidwe. Phineas Gage, wogwira ntchito yomanga njanji ku Vermont, anabooledwa mutu ndi chitsulo mu 1848. Anapulumuka, ankayenda ndi kulankhula, koma khalidwe lake linasintha. Funso likanena za bambo amene anachita ngozi ya galimoto, ndipo mkazi wake akuti "si amene ndinakwatiwa nawo, akutukwana pamaso pa apongozi", ganizani za fulonto.

Lobu ya parayeto: kumva kwa thupi ndi kudziwa malo

Kumbuyo kwa ngalande yapakati kuli positisentulo jairasi, madera 3, 1 ndi 2. Apa pamafikira kukhudza, kutentha, ululu, ndi kudziwa pamene chiwalo chili ngakhale mutatsinzina. Apa ndi pamene oposa theka la kalasi anasinthanitsa: analemba kuti pirisentulo ndi ya kumva, positisentulo ya kuyenda. Kutsogolo ndi kuyendetsa, kumbuyo ndi kumva. Lembani zimenezi pachithunzi chanu chisanakhale china chilichonse.

Samalaninso ndi liwu loti "kumva" polemba manotsi anu m'chinenero chathu. Kumva kwa khungu ndi parayeto. Kumva kwa makutu ndi tempolo.

Mbali yotsala ya parayeto imasonkhanitsa uthenga kuti ukhale ndi tanthauzo. Muike kiyi m'dzanja la wodwala atatsinzina: akumva kuti pali chinthu chozizira, koma sangathe kunena kuti ndi kiyi. Vutoli ndi asiteriyoginosisi. Parayeto yakumanja ikawonongeka, munthu amanyalanyaza mbali yakumanzere ya dziko lake lonse. Amadya nsima ya kumanja kwa mbale nkusiya inayo, amameta tsaya limodzi, mukamupatsa pepala kuti ajambule wotchi amaunjika manambala onse kumanja. Achibale amaganiza kuti ndi mwano kapena khungu. Nesi amene wamvetsa izi amatembenuza mbale, amaonanso dzanja lakumanzere lija kuti lisapanikizike pabedi. Yakumanzere ikawonongeka pa angula jairasi, pamabwera zizindikiro zinayi za Gerstmann: kulephera kulemba, kulephera kuwerengera, kusazindikira zala, ndi kusokoneza kumanja ndi kumanzere.

Lobu ya tempolo: makutu, tanthauzo la mawu, kukumbukira zochitika

Koteksi yoyamba ya makutu, madera 41 ndi 42, ili pamwamba pa lobu iyi, m'mphepete mwa ngalande yam'mbali. Khutu lililonse limatumiza uthenga ku mbali zonse ziwiri za ubongo, choncho kuwonongeka kwa tempolo imodzi sikugonthetsa khutu limodzi. Lamulo lija la "mbali inayo" musaligwiritse ntchito apa.

Kumbuyo kwake, nthawi zambiri kumanzere, kuli dera la Wernicke, nambala 22, limene Carl Wernicke analifotokoza mu 1874. Wodwala amalankhula mosadodoma, mawu akungotuluka, koma alibe mutu, ndipo zimene mukumuuza sakuzimvetsa. Nthawi zambiri sadziwa nkomwe kuti pali vuto. Wotereyu ndi wosavuta kumuyesa wamisala, makamaka popeza manja ndi miyendo zingakhale zikugwira bwino. Munthu wamkulu wa BP amene wayamba mwadzidzidzi kulankhula zosamveka ayesedwe kaye sitiroko asanaganiziridwe za ku Chainama. Zimenezi ndikuzinena ndi mtima wonse, pakuti pa sitiroko ola lililonse lotayika ndi ubongo wotayika.

Mkati mwa tempolo muli hipokampasi ndi amigidala. Hipokampasi imapanga zokumbukira zatsopano. Wodwala wodziwika ndi zilembo H.M. anachotsedwa mbali zimenezi kuwiri konse mu 1953 pofuna kuchiza khunyu; za ubwana wake ankakumbuka, koma munthu amene wakumana naye m'mawa, masana anali mlendo. Amigidala imakhudzana ndi mantha ndi mkwiyo. Khunyu yoyambira mu tempolo imatha kuyamba ndi fungo lachilendo kapena kumva ngati chinthu chikukwera kuchokera m'mimba, kenako munthu amangoti duu, akutafuna milomo kapena kutosatosa zovala.

Lobu ya okisipito

Ntchito yake ndi kuona, dera 17, m'mbali mwa ngalande ya kalikarini, ndipo magazi ake amachokera ku positeriya serebulo. Maso ali kutsogolo koma kuona kumachitikira kunkhongo. Cholakwa chachikulu ndi kulemba kuti okisipito yakumanja ikawonongeka diso lakumanzere limachita khungu. Ayi. Chimatayika ndi theka lakumanzere la zimene maso onse awiri amaona, homonimasi hemiyanopiya. Khungu la diso limodzi lokha limaloza ku diso lenilenilo kapena mtsempha wake, kutsogolo kwa pamene mitsempha ya maso imadutsana.

Zina zimene ndinazipeza pamapepala anu

Serebelamu si lobu ya koteksi imene tikukambayi. Anthu asanu ndi mmodzi anaiika pa mndandanda m'malo mwa okisipito. Ili pansi pa okisipito, imagwirizanitsa kayendedwe, ndipo zizindikiro zake zimaoneka mbali yomweyo imene yawonongeka. Kupuma ndi kugunda kwa mtima nazonso musazipereke kwa lobu iliyonse. Malikulu ake ali mu tsinde la ubongo.

Ena munalemba kuti amanzere onse ali ndi chinenero kumanja kwa ubongo. Si choncho. Pafupifupi onse ogwiritsa dzanja lamanja, komanso ambiri mwa amanzere, chinenero chawo chili kumanzere.

Afeziya ndi disatiriya ndi zinthu ziwiri. Wa afeziya wataya chinenero, ndipo ngakhale polemba vutolo limaoneka. Wa disatiriya mawu ali nawo, koma lilime ndi milomo zikulemera; mupatseni cholembera, alemba chiganizo chabwinobwino.

Ndipo funso likati "fotokozani", musangolemba liwu limodzi ngati "fulonto". Tchulani mbali, lobu, dera, ndi chifukwa chake. Mamakisi ambiri ali pa chifukwacho.

Zoti muyankhe tisanakumane

1. Mayi wazaka 58, wogulitsa ndiwo ku msika wa Soweto, wagwa m'mawa. Dzanja lamanja ndi mbali yamanja ya kumunsi kwa nkhope zafooka, mwendo ukuyenda pang'ono. Mukamuuza kuti atsinzine akutsinzina, koma dzina lake likumukanika kutchula. Tchulani mbali ya ubongo, lobu, madera awiri okhudzidwa, ndi mtsempha wamagazi.

2. Bambo wa ku Mtendere, woyendetsa minibasi, akudandaula kuti akumagunda zinthu za kumanja kwake. Diso lililonse poliyesa palokha silikuona theka lakumanja. Mphamvu za thupi ndi kalankhulidwe zili bwino. Vuto lili kuti, ndipo nchifukwa chiyani simukunena kuti ndi diso lamanja?

3. Jambulani ubongo osayang'ana m'buku. Ikani ngalande ziwiri zija, malobu anayi, madera 4, 3-1-2, 17, 22, 41 ndi 44, ndipo sonyezani pamene pali nkhope, dzanja ndi mwendo.

Tidzakumana Lachinayi 14 koloko m'chipinda cha anatomi. Bwerani ndi mayankho olembedwa pamanja, aliyense ake. Funso loyamba tidzaliyankhira pabolodi, ndipo amene akuvutikabe kusiyanitsa Broca ndi Wernicke atsale tikaweruka kuti tibwerezenso limodzi.