Mayeso a Ukhondo wa Chakudya: Madzi ndi Ayezi

Gulu la ophika la Loweruka, Yeoville, Johannesburg. Mphindi 30. Yankhani mafunso onse.

1. Madzi akumwa ku South Africa ayenera kukwaniritsa muyezo wa SANS 241. Kodi muyezowu umalola E. coli wochuluka bwanji m'mamililita 100 a madzi? (Malikisi 2)

2. Mukuphika mu lesitilanti ku Rosettenville ndipo madzi asiya kutuluka kuyambira dzulo. Thanki ya Johannesburg Water yafika, anzanu atunga m'zigubu zomwe kale munali mafuta ophikira. Bwana akuti, "Ndi oyera awa, phikani basi." Muwayankha chiyani? Fotokozani momwe mungatsukire zigubuzo, momwe mungawiritsire madziwo, komanso ntchito zomwe simungagwire madzi abwino asanapezeke. Musaiwale zosamba m'manja, ambiri amagwa pomwepa. (Malikisi 10)

3. Zoona kapena zabodza: kuzizira kwa ayezi kumapha majeremusi onse. Perekani chifukwa. (Malikisi 3)

4. Woperekera zakumwa watapa ayezi ndi tambula yagalasi, tambulayo n'kusweka m'bokosi momwemo. Ayeziyo atani naye? Nanga chotapira choyenera chizisungidwa pati? (Malikisi 3)

5. Kolorini sagwira bwino ntchito m'madzi amatope. Muyambe mwachita chiyani musanamuthire? (Malikisi 2)