Kalata kwa Bambo Mwale: kamera ija ndi 700D kapena 600D?

Mufakose, Harare

Bambo Mwale,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi banja lonse. Ndine Mayi Chisale, amene ndinakufunsani Lachiwiri za kamera ya Canon yomwe mwaika pa Facebook pamtengo wa madola 230. Kamerayo ndaikonda ndipo ndalama ndakonza kale, koma ndisanatumize chikole pa EcoCash ndikupempha munditsimikizire mtundu wake weniweni.

Inu munalemba kuti ndi EOS 700D. Pachithunzi choyamba, lamba waphimba malo amene pamalembedwa dzina. Chomwe chandikayikitsa kwambiri ndi chithunzi chachitatu, chojambulidwa kuchokera pamwamba. Switchi yoyatsira ikuoneka kuti ili ndi `ON` ndi `OFF` basi, ndipo pafupi ndi batani la `ISO` pali lina lolembedwa `DISP.` Umu ndi momwe 600D ya 2011 imakhalira. Pa 700D, yomwe inatuluka mu 2013, switchiyo ili ndi malo achitatu a kanema, pomwe pali kachizindikiro ka kamera ya vidiyo. Sindikukuganizirani zoipa ayi, Bambo. Makamera awiriwa amafanana zedi, onse ndi a mamegapikiselo 18 ndipo batire lake ndi limodzi, LP-E8, moti munthu akhoza kusokoneza mosavuta, makamaka ngati nanunso munagula kwa wina popanda bokosi.

Kwa ine kusiyanaku ndi kwakukulu. Ndimajambula maukwati ndi kwaya ya kumpingo kwathu, ndipo ntchito yambiri ndi vidiyo. 700D imatsatira yokha munthu akamayenda, komanso sikirini yake ndi yokhudza ndi chala. 600D ilibe zonsezi, ndiye mkwatibwi akamalowa m'tchalitchi ndiyenera kumapotokola lenzi ndi dzanja njira yonse.

Chonde nditumizireni chithunzi chakutsogolo lamba atachotsedwa, kuti dzina lioneke bwino. Ngati inachokera ku America, padzalembedwa Rebel T5i ikakhala 700D, kapena Rebel T3i ikakhala 600D. Mujambulenso kachikwangwani ka pansi, pafupi ndi chitseko cha batire, ndi kutsogolo kwa lenzi. Ndikufuna ndione ngati 18-55mm imeneyo ili ndi zilembo za STM, chifukwa ndi yomwe sichita phokoso pojambula vidiyo. Mukatha, jambulani chinthu chilichonse ndi kamerayo n'kunditumizira pa WhatsApp ngati `Document`, kuti dzina la kamera lomwe limasungika m'kati mwa chithunzi lisafufutike.

Ikapezeka kuti ndi 700D, nditenga pamtengo womwewo. Ikakhala 600D, tikambiranenso mtengo, chifukwa ndikhoza kuitengabe kuti ikhale yachiwiri. Loweruka m'mawa ndidzakhala m'tauni, choncho tikhoza kukumana ku Joina City kuti ndiione ndi maso. Ndidzabwera ndi khadi langa la SD loyesera.

Zikomo kwambiri,
Mayi Chisale